Buku patebulo, nyimbo m'makutu

Nthawi yangokwana 8 koloko usiku wa Loweruka, ndipo ku Ndirande phokoso ndiye layamba kumene.

Kumtunda kwa nyumba, sipika ya pamalo omwera mowa ikugwedeza malata. Kumunsi, a mapemphero a usiku wonse akuyesa maikolofoni. Pabalaza, bambo atchera khutu ku nkhani za pa wailesi, ana awiri akulimbirana mpando, mayi akuyankha foni ya achemwali awo a kumudzi mokweza ngati kuti mawu akafika okha popanda netiweki.

Pakona, pakatebulo kokhala ndi mwendo wochirikiza ndi njerwa, pali mtsikana wa Fomu 4. Patsogolo pake pali buku la bayoloje, lotsekulidwa pa mutu wa impso. M'makutu mwake muli mahedifoni otchipa, waya wake womata ndi selotepi.

Bambo ake amuyang'ana kawiri, kenaka n'kupukusa mutu. Kwa iwo nkhani ndi yachidule: mwana amene akuwerengadi samvera nyimbo.

Titapempha kuti timveko zomwe zikulira m'makutu mwa mtsikanayo, tidapeza kuti mulibe woimba. Muli mvula ikugwa, piyano ikulira patalipatali, ndi kang'oma kofewa komwe sikasintha mayendedwe.

Iye akuti kale ankawerenga ndi nyimbo zauzimu zomwe amazikonda. Adasiya tsiku lomwe adapeza kuti m'kope mwake, pakati pa ndemanga za mitsempha ya magazi, adalembamo mawu awiri a kolasi.

Ndiye akulondola ndani, bambo kapena mwana?

Onse awiri, koma aliyense theka.

Si ku Ndirande kokha. Mu 2017, mnyamata wina wa ku France adayamba kuulutsa pa YouTube nyimbo zopanda mawu usana ndi usiku osalekeza, pa tsamba lomwe pa nthawiyo linkatchedwa ChilledCow. Pa chithunzi chake pali mtsikana wojambula pamanja, ali ndi mahedifoni, akulemba m'kope, mphaka ali pawindo. Chithunzicho adajambula ndi Juan Pablo Machado wa ku Colombia, ndipo nyumba zomwe zimaoneka kunja kwa windo ndi za mumzinda wa Lyon. Mu 2021 tsambali lidasintha dzina kukhala Lofi Girl.

Ola lililonse, anthu zikwizikwi amakhala akumvera limodzi, ambiri mwa iwo ophunzira. YouTube itatseka nyimbozi kwa kanthawi mu Febuluwale 2020, zidapezeka kuti zidali zitalira maola oposa 13,000 osaima. Anthu adadandaula kwambiri mpaka tsambalo lidatsekulidwanso.

Mtsikana wa pachithunzi uja sadamalizebe kulemba.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu onsewa akuthawa mawu, tiyambe ndi zomwe zimachitika m'mutu munthu akamawerenga.

Yesani kuwerenga chiganizo ichi chamumtima. Milomo siyenda, koma mukumva liwu likutchula mawuwa mkati. Mukapatsidwa nambala ya foni mulibe polemba, liwu lomwelo ndi lomwe limabwereza nambalayo mpaka mutapeza cholembera.

Akatswiri awiri a ku Britain, Alan Baddeley ndi Graham Hitch, adafotokoza za kagwiridwe ntchito ka mbali imeneyi ya ubongo mu 1974. Chomwe chidadziwika n'chakuti malo omwe timasungamo mawu kwa kanthawi ndi ochepa zedi. Amasunga mawu okwana kuwatchula m'masekondi awiri okha, ndipo ukapanda kuwabwereza amafufutika.

Vuto ndi lakuti mawu olowera m'khutu safunsa chilolezo. Diso ungalitsinzine. Khutu lilibe chikope.

Zili ngati ulalo wa mtengo umodzi pamtsinje. Mawu a m'buku akuwoloka kuchokera tsidya lino, mawu a woimba akuwoloka kuchokera tsidya linalo, ndipo wina ayenera kuima kapena kugwera m'madzi. Kawirikawiri ogwa ndi a m'buku, chifukwa ndi achilendo, pomwe a nyimbo njirayo adaizolowera.

Izi zidayesedwa kalekale. Mu 1976, Herbert Colle ndi Alan Welsh a ku America adaonetsa anthu mndandanda wa zilembo kuti azikumbukire motsatana, kwinaku m'makutu mwawo mukumveka munthu akulankhula Chijeremani. Anthuwo Chijeremani sankachimva, ndipo adauzidwa kuti asachilabadire. Adalakwitsabe kwambiri kuposa pomwe padali zii.

Mu 1989, Pierre Salamé ndi Baddeley yemweyo adayesa ndi nyimbo. Nyimbo zokhala ndi woimba zidasokoneza kwambiri. Zopanda woimba zidasokonezako pang'ono. Bata ndiye lidaposa zonse.

Kafukufuku wa Chijeremani uja ali ndi uthenga kwa aliyense amene amati nyimbo za Chilingala, za Chizulu kapena za ku Nigeria sizimusokoneza chifukwa sakumva zomwe zikuimbidwa. Pali choonadi pang'ono. Pa ntchito yofuna kumvetsa nkhani, mawu omwe ukuwamva tanthauzo ndi omwe amaononga kwambiri, choncho nyimbo ya m'Chichewa imaba maganizo kuposa ya m'Chilingala. Koma pa ntchito yoloweza zinthu motsatana, monga magawo a momwe chakudya chimagayidwira m'thupi, kapena zaka za mu mbiri yakale, liwu la munthu limasokoneza ngakhale usamve ndi liwu limodzi lomwe.

Dylan Jones ndi anzake a ku Cardiff adapeza chifukwa chake. Chomwe chimakoka khutu ndi kusinthasintha kwa phokoso. Liwu limodzi lobwerezedwa mofanana silivuta kwenikweni. Koma phokoso lomwe kachidutswa kalikonse n'kosiyana ndi kanzake, ubongo umayamba kulitsatira wokha, ndipo kulankhula kwa munthu ndiye phokoso losinthasintha kuposa ena onse.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amakana. Amati: koma ine nyimbo imeneyi ndimaikonda, imandikhazika mtima pansi.

Nick Perham ndi Harriet Currie adayesa zomwezo ku Cardiff mu 2014. Adapatsa anthu ndime zoti awerenge n'kuyankha mafunso, nthawi ina ali ndi nyimbo ya mawu yomwe amaikonda, nthawi ina ya mawu yomwe saikonda, nthawi ina yopanda mawu, nthawi ina pali zii. Nyimbo yokondedwa ndi yodedwa zidaononga mofanana. Anthu adakhoza bwino pomwe padalibe mawu.

Kuikonda nyimbo sikuichotsa mawu.

Tsono mbali ya bambo aja ili apa. M'makafukufuku ambiriwa, nyimbo yopanda mawu siposa bata. Ikachita bwino kwambiri imangofanana nalo.

Mu 2023, Alessandra Souza ndi mnzake a ku yunivesite ya Porto ku Portugal adayesa nyimbo za mtundu womwewo umalira pa Lofi Girl. Adapeza kuti nyimbo za mawu zidatsitsa kukumbukira ndi kumvetsa zowerenga, pomwe zopanda mawu sizidaonetse kuti zikuononga, komanso sizidaonetse kuti zikuthandiza. Chochititsa chidwi n'chakuti ophunzirawo, atafunsidwa, ankakhulupirira kuti zopanda mawuzo zawathandiza. Malikisi sadavomereze.

Munthu akhoza kumva bwino mumtima koma osagwira zambiri m'mutu. Ziwirizi timazisokoneza kwambiri.

Nanga za Mozart zomwe zidamveka dziko lonse zija?

Nkhani imeneyi ndi chitsanzo cha momwe mphekesera imakulira ikamayenda. Mu 1993, Frances Rauscher, Gordon Shaw ndi Katherine Ky a ku yunivesite ya California ku Irvine adatenga ophunzira 36 n'kuwamvetsera nyimbo ya Mozart ya mapiyano awiri kwa mphindi 10. Nyimbo itatha, adawapatsa mayeso oyerekeza m'maganizo maonekedwe a zinthu, monga momwe pepala lopinda n'kudula lingaonekere ukalitambasula. Ophunzirawo adakhoza bwinoko kuposa pomwe adangokhala chete.

Phindulo lidatha pasanapite mphindi 15.

Onani bwino: anthuwo sadali makanda, sadamvere nyimboyo akuwerenga, ndipo palibe adati nzeru zawo zakula. Koma pofika 1998, bwanamkubwa wa dera la Georgia ku America, Zell Miller, adapempha ndalama zokwana madola 105,000 kuti mwana aliyense wobadwa m'deralo azipatsidwa chimbale cha nyimbo zoterezi.

Chaka chotsatira, Kristin Nantais ndi Glenn Schellenberg a ku Canada adabwereza kafukufukuyu, koma nthawi ina anthuwo adawamvetsera nthano ya mlembi Stephen King m'malo mwa Mozart. Okonda nthano adakhoza bwino atamva nthano. Okonda nyimbo adakhoza bwino atamva nyimbo. Chinsinsi sichidali Mozart. Chidali chakuti munthu wosangalala, wochangamuka, amagwira bwino ntchito kwa kanthawi.

M'menemo muli kanthu koti mwana wasukulu atole. Nyimbo yomwe mumaikonda ija, ya Lucius Banda kaya ya kwaya ya kwanu, ili ndi malo ake: musanatsekule buku. Imbani nayo, vinani ngati kuli kofunika, tulo tichoke. Ikatha, zimitsani, kenaka yambani.

Ngati bata ndiye mfumu, n'chifukwa chiyani tikuvutika ndi kusankha nyimbo?

Chifukwa bata ndi la anthu ochepa. Wokhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi abale asanu ndi mmodzi alibe. Wogona m'hositelo ya anthu anayi chipinda chimodzi alibe. Ngakhale mulaibulale, pamakhala awiri akunong'onezana za mpira wa dzulo, ndipo kunong'ona kumakoka khutu kuposa kufuula.

Wophunzira wotere sakusankha pakati pa nyimbo ndi bata. Akusankha pakati pa nyimbo ndi macheza a anthu ena.

Ndipo macheza ndi oipa kuposa nyimbo iliyonse. Neville Moray adaonetsa mu 1959 kuti ngakhale munthu atatchera khutu ku chinthu china, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amamvabe dzina lake likatchulidwa m'mawu omwe akuyesetsa kusawamvera. Ndiko kuti ubongo umakhala ukusefa mawuwo mobisa nthawi yonse. Mu 2010, Lauren Emberson ndi anzake a ku yunivesite ya Cornell adapeza kuti kumva mbali imodzi ya anthu olankhulana pafoni kumasokoneza kuposa kumva onse awiri, chifukwa sudziwa pomwe liwu libwererenso. Mayi aja oyankha foni pabalaza, osadziwa, ndiwo adali chopinga chachikulu kuposa sipika ya kumowa.

Ntchito yeniyeni ya nyimbo yowerengera ndi imeneyi basi: kuphimba mawu a anthu. Aliyense amene adakhalapo m'nyumba ya malata mvula ikugwa akudziwa momwe zimakhalira. Mnzako ali pafupi, mlomo ukuyenda, koma mawu sakumveka. Phokoso la mvula ndi lalikulu, komabe anthu amagona nalo tulo tabwino, chifukwa silisintha ndipo silinena kanthu.

N'chifukwa chake ena amasiyiratu nyimbo n'kumamvera phokoso la mvula, la mtsinje kapena la fani. Pofufuza pa intaneti amalemba white noise kapena brown noise. Loyambalo ndi lakuthwa, ngati wailesi yomwe yasowa siteshoni, ndipo ambiri limawatopetsa. Lachiwirilo ndi lakuya, ngati mathithi omveka patali.

Kwa ofuna nyimbo yeniyeni, pali msampha umodzi womwe umakola anthu ambiri kuno kwathu.

Wophunzira amapita kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika n'kupempha nyimbo zopanda mawu. Mnyamata amamuikira nyimbo za m'buku la kutchalitchi zoimbidwa ndi kiyibodi kapena saksofoni. Woimba mulibedi. Koma mizere iwiri isanathe, mawu onse abwera okha m'mutu, ndime yoyamba, kolasi, mpaka yachitatu yomwe ampingo ambiri amaiwala.

Nyimboyo ilibe mawu m'foni. M'mutu ili nawo.

Liwu lamkati lija, lomwe limayenera kutchula za m'buku, layamba kuimba. Choncho lamulo loti nyimbo isakhale ndi mawu silokwanira. Iyenera kukhalanso nyimbo yomwe simudaimvepo ikuimbidwa ndi mawu. Izi zikuchotsa pamndandanda nyimbo za kwaya, za paukwati, za kanema yemwe mumamudziwa, ndi mabiti a nyimbo zotchuka omwe achinyamata amagawana kuti aziimbirapo.

Kunena zoona, nyimbo zathu zambiri sizidapangidwire ntchito imeneyi, ndipo si chilema. Mmalawi akamamvera nyimbo amafuna uthenga. Allan Namoko, Evison Matafale, onsewa tidawakonda chifukwa cha zomwe ankanena. Bangwe amaperekeza liwu la woimba. Valimba ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa imatha kulira popanda woimba, koma liwiro lake limaitana miyendo, osati maso. Nyimbo yomwe imakudzutsa pampando yachita bwino ntchito yake, kungoti si ntchito ya usiku wa mayeso.

Koma sikuti munthu athawire ku Ulaya. Toumani Diabaté wa ku Mali adatulutsa chimbale chotchedwa Kaira mu 1988, momwe muli zeze wamkulu wa kwawo wotchedwa kora yekhayekha, wopanda woimba. Mu 1999 adatulutsanso china ndi mnzake Ballaké Sissoko, akora awiri basi. Ku Ethiopia kudali sisitere Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou, yemwe adamwalira mu 2023, ndipo nyimbo zake za piyano zimayenda modekha. Kalimba yoimbidwa pang'onopang'ono, popanda woimba, imagwiranso ntchito.

Pambuyo pa mawu, zinthu ziwiri zofunika ndi liwiro ndi kukweza.

William Forde Thompson ndi anzake adayesa zimenezi mu 2012. Adatenga nyimbo imodzi yopanda mawu n'kuisintha kanayi: yothamanga ndi yokweza, yothamanga koma yotsika, yodekha koma yokweza, yodekha ndi yotsika. Yomwe idatsitsa kumvetsa zowerenga ndi yothamanga ndi yokweza. Nyimboyo idali ya Mozart yemwe uja.

Kuyeza liwiro sikulira chipangizo. Ombani chala patebulo motsatira ng'oma ya nyimboyo kwa masekondi 15, werengani kuti mwaomba kangati, chulukitsani ndi 4. Mukapeza 20, ndiye kuti nyimboyo ikugunda ka 80 pa mphindi. Nyimbo za mtundu wa Lofi Girl zambiri zimakhala pakati pa 70 ndi 90. Za amapiano zimapitirira 110. Palibe nambala yamatsenga apa, koma phazi likayamba kugunda pansi lokha, dziwani kuti gawo la mutu wanu lachoka pa buku.

Ndipo musapusitsidwe ndi dzina loti nyimbo zachikale za azungu. Zambiri mwa izo zidalembedwa kuti zigwire mtima wa munthu amene wakhala pansi kuzimvera. Zimayamba ngati kunong'ona, wowerenga n'kukweza foni, kenaka malipenga onse amaphulika nthawi imodzi. Nyimbo yabwino kuwerengera ndi yomwe mphindi yachisanu ikufanana ndi yoyamba.

Woimba wa ku Britain Brian Eno adapanga dala nyimbo zotero mu 1978, pa chimbale chomwe adati ndi cha m'mabwalo a ndege. Zaka zambiri iye asanabwere, Mfalansa Erik Satie adalemba nyimbo zomwe ankati zikhale ngati mipando ya m'nyumba, zongokhalapo. Zimanenedwa kuti zitaimbidwa pagulu ku Paris mu 1920, anthu adakhala chete kuzimvera, ndipo mwini wake adakwiya, n'kumawauza kuti azicheza.

Pali nkhani inanso: mukuwerenga chiyani?

Ntchito zonse sizidutsa pa liwu lamkati mofanana. Kuwerenga ndime ya Chingerezi n'kuyankha mafunso, kulemba chimangirizo, kusanthula ndakatulo ya Chichewa, kuloweza matanthauzo a mu bayoloje, zonsezi ndi mawu okhaokha, ndipo zimavulala msanga. Kujambula mapu, kukopera ndemanga zomwe mudazimvetsa kale, kubwereza masamu a mtundu womwe dzanja lidauzolowera, izi zimapirira. Mu kafukufuku wa ku Porto uja, masamu ndi omwe sadaonetse bwinobwino kuti aonongeka ndi nyimbo za mawu.

Mutu watsopano, wovuta, womwe mukuuona koyamba, umafuna bata lonse lomwe mungalipeze.

Anthunso amasiyana. Adrian Furnham ndi Anna Bradley a ku London adapeza mu 1997 kuti anthu ofatsa, okonda kukhala okha, amasokonezeka kwambiri ndi nyimbo za pa wailesi kuposa anthu ochezeka. Choncho zomwe zimamuyendera mnzanu wa m'chipinda sizikutanthauza kuti zikuyenderani.

Njira yodziwira ndi kudziyesa, ndipo kumatenga sabata imodzi.

Tengani mutu umodzi m'buku, womwe simudauwerengepo, muugawe m'ndime zofanana kutalika, tinene tsamba limodzi ndime iliyonse. Lolemba, werengani ndime yoyamba kwa mphindi 10 ndi nyimbo yanu ya masiku onse. Tsekani buku, zimitsani nyimbo, dikirani mphindi 5, kenaka lembani papepala mfundo zonse zomwe mukukumbuka. Tsekulani buku muchonge. Chitani chimodzimodzi ndi ndime yachiwiri pogwiritsa ntchito nyimbo yopanda mawu, ndipo yachitatu popanda chilichonse m'makutu.

Lachitatu bwerezani ndi ndime zina zitatu, koma yambani ndi yopanda mawu. Lachisanu yambani ndi bata. Kusinthana kumeneku n'kofunika, chifukwa ndime yoyamba imapeza mutu uli watsopano ndipo yomaliza imaupeza utatopa. Mukapanda kusintha, mudzaimba mlandu nyimbo pomwe wolakwa ndi kutopa.

Tiyerekeze kuti pamapeto pa sabata mwaphatikiza, ndipo nyimbo ya mawu yakupatsani mfundo 14, yopanda mawu 19, bata 20. Kusiyana kwa 19 ndi 20 n'kochepa, kungathe kungochitika mwangozi. Kusiyana kwa 14 ndi 19 ndiye nkhani. Koma mwina kwanu kuli phokoso ngati la ku Ndirande lija, ndipo mwapeza 14, 19 ndi 12. Apo yankho ndi lina: chomwe mumachitcha bata kwanuko si bata, ndipo mahedifoni akukupulumutsani.

Chongani pepala, osati mtima.

Pali zizindikiro zina zomwe zimaoneka pompopompo. Mwafika kumapeto kwa tsamba koma simukudziwa zomwe zidali pamwamba. Mwabwereza mzere umodzi katatu. Milomo ikuyenda, koma si za m'buku. Kapena chachikulu pa zonse: dzanja lapita pafoni kukasintha nyimbo.

Chomalizachi n'chomwe chimadya nthawi kuposa mawu a woimba aliyense. Wafuna kungodumpha nyimbo imodzi, waona uthenga wa pa WhatsApp, wayankha, waona chithunzi, ndipo mphindi 20 zapita. N'chifukwa chake nyimbo imodzi yaitali ya ola lathunthu imaposa nyimbo 20 zazifupi. Palibe podukiza, palibe chosankha. Kumvera pa intaneti mwaulere kuli ndi vuto linanso: pakati pa piyano pamalowa wotsatsa malonda, ndi liwu lomwe lidakonzedwa dala kuti likukokeni.

Koperani nyimboyo m'foni kamodzi, zimitsani intaneti, ikani foni chafufumimba kapena m'thumba.

Izi zimapulumutsanso bandulo. Nyimbo yomveka bwino, ya mlingo womwe pafoni umalembedwa kuti 128 kbps, imadya pafupifupi 58 MB pa ola. Wowerenga maola atatu tsiku lililonse akumvera pa intaneti amatha 1 GB sabata isanathe, ndipo ngati ndi kanema, ndiye zimaposa pamenepo kutali. Mtsikana wa pachithunzi wa ku Lyon uja simufunika kumuona. Ola limodzi lokopera likhoza kulira chaka chonse, ndipo kulibwereza ndi phindu, chifukwa khutu likaizolowera nyimbo limasiya kuitsatira.

Makutu nawo ali ndi malire. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa chomvera zinthu mokweza. Mlingo womwe limapereka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Mukaonjezera madesibelo atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka: pa 83 ndi maola 20, pa 86 maola 10, pa 92 maola awiri ndi theka pa sabata yonse.

Wowerengera m'phokoso ndiye ali pangozi kwambiri, chifukwa amakweza kuti apose phokosolo. Langizo la bungweli ndi loti musapitirire 60 peresenti ya mphamvu ya foni. Ngati munthu woima pafupi, potalika mkono umodzi, akufunika kufuula kuti mumumve, mwakweza kwambiri. Ngati mukavula mahedifoni m'makutu mukulira, mwapyola kale malire. Mahedifoni okhala ndi timphira totseka khutu amathandiza, popeza amachepetsa phokoso la kunja musanaike nyimbo n'komwe. Usiku wina mungopeza kuti kuwavala osaliza kanthu n'kokwanira.

Chatsala ndi chipinda cha mayeso.

M'mayeso a MANEB foni silowa. Mumakhala kutsokomola kwa mnzako, mapazi a woyang'anira ndi kukanda kwa zolembera. Wophunzira amene kwa zaka ziwiri sadakhalepo ola limodzi ndi buku popanda kanthu m'makutu amakumana ndi bata limeneli ngati mlendo, ndipo kaphokoso kalikonse kamamudzidzimutsa.

Choncho mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo azilembedwa momwe mayeso enieni amalembedwera: wotchi patebulo, makutu opanda kanthu, kuyambira funso loyamba mpaka nthawi itatha. Kwa wokhala pafupi ndi sipika ya kumowa, nthawi yake ndi 4 koloko m'mamawa, kapena m'kalasi anzake ataweruka.